Muzu wa Eklesiya ndi Sadaka ya ku Lungwena

Chigriki ndinachiphunzira chaka chimodzi chokha ndisanayambe kuvulaza nacho anthu. Ena zimawatengera zaka zitatu, ine chimodzi chinandikwanira.

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, wophunzira za unsembe ku koleji ku Zomba, m'masiku aja a chipani chimodzi pamene munthu sunkakwera lole wopanda khadi la chipanicho m'thumba. Pa tchuthi chachitali ankatimwaza m'mipingo kuti tikaone ntchito ndi maso. Anzanga anapita ku Blantyre, kwa magetsi ndi tiyi wamkaka. Ine ananditaya kutsidya kwa Mangochi, kufupi ndi Lungwena, ku katchalitchi ka zidina kofolera ndi udzu, mizikiti ili mbali zonse. Ansembe ankakhala kumishoni, ndipo ankafika kamodzi pa miyezi iwiri, njinga yawo yamoto ikalola. Amene ankasunga mpingo tsiku ndi tsiku anali akatekisiti.

Akatekisitiwo anali bambo wowonda, wa imvi, wa jekete limodzi. Magalasi awo mwendo umodzi anaumanga ndi ulusi wa ukonde. Anabadwira m'banja la Chisilamu, n'kubatizidwa ali mnyamata pa sukulu ya mishoni, ndipo anali atatumikira katchalitchi kameneka zaka zoposa zaka zanga zobadwa. Kunyumba ankayankhula Chiyao, m'tchalitchi Chichewa, ndipo ine ankanditcha "Bambo aang'ono". Poyamba ndinkayesa kundinyoza. Ayi, anali ulemu weniweni, ndipo ndiwo umene unatipweteka tonse awiri.

Ndinawapeza ali pa chisoni. Mkulu wawo, Msilamu, anali atamwalira masiku ochepa ine ndisanafike, kumudzi kwawo cha kumpoto, m'njira ya ku Makanjira. Kumaliro anapita. Chimene chinatsala chinali sadaka ya masiku makumi anayi, imene kumeneko amati arubaini. Pa tsikulo abale onse amasonkhana, ashehe amapemphera, anthu amadya mpunga ndi nyama, kenako banja limakhala pansi kukambirana za amasiye ndi za katundu wa womwalira. Mwa amuna obadwa m'mimba imodzi ndi malemuwo anatsala ndi akatekisiti okha. Ndiwo anayenera kukakhala pamphasa ya kutsogolo n'kuyankhula m'malo mwa mbumba yonse. Anandifotokozera zimenezi tsiku loyamba, tikudya usipa, ine ndikungogwedeza mutu, maganizo ali pa ulaliki wanga.

Ulalikiwo ndinautenga ku koleji wokonzakonza. Mnyamata wina wa chaka chachitatu anandinong'oneza tsiku lina kuti mawu a Chigriki otanthauza mpingo, eklesiya, ukawang'amba pakati umapeza mawu awiri: ek, kutanthauza kuchokera m'kati, ndi kaleo, kutanthauza ndikuitana. Ndinayang'ana m'kope mwanga, ndinapeza kuti onse awiri tinawaphunzira. Ha! Ndinamva ngati ndatola thumba la mpunga pamsewu. Sindinafunse aphunzitsi. Ndinangolemba kumapeto kwa kope, n'kudula mzere kawiri.

Lamulungu lachiwiri ndinabwereka bolodi la ana a Sande sukulu, n'kulitsamiritsa pa guwa. Ndinalemba zilembo za Chigriki zazikuluzikulu, choko chikulira. Anthu makumi asanu, asodzi ndi alimi, ambiri osadziwa ngakhale kulemba dzina lawo, anangoti maso tong'o.

"Ek!" ndinatero. "Kutuluka! Kaleo! Kuitana! Mukamva kuti mpingo, Chigriki chenicheni chikuti anthu oitanidwa kuti atuluke. Ngati sunatuluke, si iwe mpingo!"

Ndinabwereza mwina kasanu ndi kawiri. Ine m'mutu mwanga munali kachasu, chigololo, miseche, zimene tinkalalikira tonse. Koma sindinanene kuti kutuluka kuti. Ndinasiya khomo lotsegula, ndipo m'dera limene banja lililonse lili ndi Mkhristu ndi Msilamu pa mphika umodzi, anthu sanavutike kupeza kotulukako.

Panali mkulu wampingo wina, mmisiri wokhoma maboti, wa khosi lalikulu. Agogo ake anabatizidwa ndi azungu oyamba a mishoni, ndipo sankalola kuti wina aiwale zimenezo. Iye ankawaona akatekisiti ngati munthu wolowa dzulo. Titatuluka m'tchalitchi anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, n'kuitana akuluampingo anzake pansi pa mtengo wa mango.

"Lero tamva," anatero mokweza. "Zaka zonsezi timangouzidwa Chichewa. Lero tamva mawu enieni, mmene analembedwera. Tsono ine ndingofunsa. Munthu amene anaitanidwa kuti atuluke, akabwerera kukakhala pamphasa ya ashehe, n'kutambasula manja pa sadaka, ameneyo watuluka kapena walowanso?"

Sanatchule dzina. Panalibe chifukwa. Akatekisiti anali potero akupinda nsalu ya paguwa, ndipo anamva zonse.

Ine ndinaseka kaseko kaulemu, n'kunena kuti nkhani zotere n'zofunika kuziganizira bwino. Taonani yankho lake! Kunena zoona, mtima wanga unali kuvina. Munthu wamkulu anali atagwira mawu anga n'kuwasandutsa lamulo, ndipo zinandikomera.

Lachiwiri masana akatekisiti anabwera kukachipinda kanga kuseri kwa tchalitchi. Anakana mpando, anakhala pa chitsa. Anavula magalasi, n'kuyamba kuwapukuta ndi m'mphepete mwa jekete.

"Bambo aang'ono, ndabwera ndi funso. Ine sukulu yanga inathera kutali. Sadaka ndakhala ndikupita moyo wanga wonse. Ya mayi anga ndinapita, ya bambo anga ndinapita. Ashehe akamapemphera ine ndimakhala chete, ndimapemphera zanga mumtima, akamaliza timadya. Ansembe angapo adutsa pano, palibe anandiletsa. Koma mwina iwo ankangondimvera chisoni. Inu mwabwera ndi mawu enieni. Kodi mawuwo akuterodi?"

"Akutero," ndinayankha. "Ek ndi kaleo. Zili m'buku."

"Ndiye kuti palibe pozembera?"

Apa mpamene ndikanati, bambo, ine ndine mwana, Chigriki ndachilawa chabe. Koma sindinatero. Ndinati muzu wa mawu sunama.

Anavala magalasi awo. "Ngati ndi choncho sindipita. Sindingaime kutsogolo kwa anthu Lamulungu, ndikuwawerengera Mawu amene ine mwini ndawalumpha Lachinayi. Koma mundithandize chinthu chimodzi. Kumene mwachokerako kuli amene anakuphunzitsani. Afunseni. Si kuti ndikukukayikirani, iyayi. Koma anali achimwene anga."

Atachoka ndinakwiya. Inde, ndinakwiya! Ndani anamuuza mkuluyu kuti ine ndimafunika wondiyang'anira? Koma pansi pa mkwiyowo panali kanthu kankandiluma. Ndinakumbukira kuti aphunzitsi athu a Chigriki sananenepo m'kalasi zimene ndinalalikirazo, ngakhale kamodzi, chonsecho mawu a eklesiya tinakumana nawo kambirimbiri. Buku lalikulu lomasulira mawu a Chigriki linali limodzi koleji yonse, ndipo silinkatuluka m'laibulale. Ine ndinali ndi kope langa, ndi kabuku ka Malemba a Chigriki kothothoka chikuto, basi.

Aphunzitsiwo anali ansembe achikulire, Mmalawi wa ku chilumba, wamfupi, wa mawu okanda. Ukalakwitsa mneni ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi mpaka iwe wekha upepese. Ndinkawaopa kuposa njoka. Kalata ndinailemba katatu, ziwiri ndinang'amba. Yoyamba inafotokoza zonse: ulaliki, bolodi, mmisiri wa maboti, sadaka ndi tsiku lake. Nditaiwerenga ndinaona nkhope yawo, ndinaonanso lipoti langa la kumapeto kwa chaka. Yachitatu, imene ndinatumiza, inali ya Chingerezi chosalala cha ku koleji. M'Chichewa inkati:

"Bambo, ndikuyembekeza kuti muli bwino. Kuno ntchito ikuyenda bwino kwambiri. Pa nthawi yanga yopuma ndakhala ndikubwereza Chigriki, ndipo ndili ndi kafunso kakang'ono. Kodi muzu wa mawu ndiwo umalamula tanthauzo lake nthawi zonse? Mwachitsanzo, eklesiya, poti akuchokera ku ek ndi kaleo, kodi tinganene kuti amatanthauza oitanidwa kutuluka? Si zachangu. Mudzayankhe mukapeza mpata."

Si zachangu! Ndinalemba ndi dzanja langali. Masiku otsala kuti sadaka ichitike anali makumi awiri ndi atatu, kalata yochokera kumeneko kukafika ku Zomba inkatenga sabata yathunthu ikayenda bwino, ndipo ine, mwana wa munthu, ndinalemba kuti si zachangu, kuti aphunzitsi aone mnyamata wakhama amene amawerenga Chigriki pofuna kupitidwako mphepo. Ndinaipereka kwa dalaivala wa lole ya nsomba kuti akaiponye ku positi ku boma.

Ndiye kudikira kunayamba. Mwera unkawomba tsiku ndi tsiku, mchenga m'maso, mchenga m'ndiwo. Ine ndinkayenda m'midzi ndi akatekisiti kuona odwala, iwo patsogolo ine pambuyo, ndipo sanandifunse za kalata ngakhale tsiku limodzi. Lole ikalira kumsewu ankangoima pang'ono, n'kutchera khutu, n'kupitiriza. Bola akanandifunsa. Mmisiri uja naye sanagone. Mayi wina amene anakathandiza kuphika pa ukwati wa mphwake wa Chisilamu anapeza anzake a m'kwaya atamusunthira kumapeto kwa benchi. Ana ankathamangitsana pabwalo akukuwa "Ek! Ek!" ngati akuingitsa nkhuku. Ndinkamva kuchipinda kwanga, ndipo ndinasiya kuseka.

Patatsala sabata ndi theka kunabwera mlongo wawo wa akatekisiti, mayi wachikulire wovala mpango woyera, atayenda wapansi kuchokera kumudzi kuja. Ndinali pakhonde pawo pamene anafika. Anayankhulana Chiyao nthawi yaitali, ine ndikungotola mawu apa ndi apo. Kenako mayiwo anatembenukira ku Chichewa, ndipo ndikukhulupirira kuti anachitira dala kuti ndimve.

"Achimwene, mpunga mwatumiza tauona, mbuzi taiona. Koma mbuzi siyankhula pabwalo. Ana a malemu akuyang'ana inu. Mlamu wanu akuyang'ana inu. Kodi Mulungu wanu wasintha liti? Pa sadaka ya amayi anali wina?"

"Ndikudikira yankho, achemwali."

"Yankho la ndani? Chibale n'chofunsira kwa anthu?"

Akatekisiti anayang'ana pansi. Mayiwo anandiyang'ana ine, kuyambira ku nsapato mpaka ku kolala ya malaya, n'kunyamuka. Anakana ngakhale madzi.

Mungafunse kuti bwanji sindinakwere njinga kupita kumishoni kukafunsa ansembe. Ndinaganizapo. Koma ansembewo ndiwo ankalemba lipoti langa. Palibe chifukwa china, ndafufuza zaka zonsezi sindinachipeze.

Yankho linafika Lachiwiri m'mawa, sadaka ili Lachinayi. Envelopu inali yomatidwa kawiri, guluu wachiwiri wakuda, monga zinkakhalira ndi makalata ambiri masiku amenewo. Sindikudziwa kuti amene anaitsegulayo anaganiza chiyani ataona zilembo zopindikapindika. Mwina ndiye anaisunga masiku angapo. Aphunzitsi anayamba ndi kupepesa kuti anachedwa, poti ndinati si zachangu anayamba amaliza kuchonga mayeso. Anayankha m'Chichewa, chinthu chimene sankachita m'kalasi.

"Mwana wanga," analemba, "yankho ndi ayi. Muzu umakuuza kumene mawu anachokera, sukuuza kumene ali lero. Nthawi zina mawu amakhala pafupi ndi kwawo. Ekballo ndi ek ndi ballo, kuponya kunja, ndipo amatanthauzadi kutulutsa. Koma taona anaginosko. Ukawang'amba upeza mawu awiri, ana ndi ginosko, ngati kudziwanso, chonsecho tanthauzo lake ndi kuwerenga. Taonanso huperetes. M'kati mwake akuti muli wopalasa ngalawa, ndipo kunyanjako udzafuna kulalikira zimenezo, ndikukudziwa. Usayerekeze. Pa nthawi imene Malemba ankalembedwa mawuwo ankangotanthauza wantchito, ngakhale msilikali wa pakhomo amene sanagwirepo nkhafi.

"Chichewa chako chomwe chikadakuuza. Lolemba linachokera ku kulemba. Kodi msodzi wosadziwa kugwira pensulo alibe Lolemba? Loweruka linachokera ku kuweruka. Iwe Loweruka umaweruka? Ukauza mlendo kuti Lolemba ndi tsiku limene Amalawi onse amalemba, sunaname za muzu, koma wamunamiza mlendoyo.

"Eklesiya anachokeradi kumene wanenako. Koma kwa Agriki mawuwa ankangotanthauza msonkhano, anthu a mumzinda akasonkhana kukamba za mzinda wawo. Sankatuluka mumzindamo, ankasonkhana m'kati mwake. Tsegula pamene ndakulembera m'munsimu uwerenge wekha. Mawu sufunsa agogo ake, umayang'ana anzake amene akhala nawo m'chiganizo, ndi mmene eni chinenero ankawagwiritsira ntchito."

Ndinatsegula pamene anandilozera. Inali nkhani ya chipolowe cha amisiri osula siliva mumzinda wina, anthu opembedza fano, akukuwa, ambiri osadziwa n'chimene asonkhanira. Ndinatsata ndi chala. Gulu limenelo, la anthu okwiyira atumwi, wolemba analitcha eklesiya. M'chaputala chomwecho mawuwo anabwera katatu, ndipo palibe pamene ankanena za mpingo. Kabukuko ndinali nako m'chipinda masabata onsewa, pansi pa pilo.

Pansi pa dzina lawo aphunzitsi anawonjezera mzere umodzi: "Wophunzira safunsa funso ili pa tchuthi popanda chifukwa. Waswa chiyani?"

Tsono apa ndiye pamene pamandivuta kulemba. Kuchedwa kwa positi ndingakankhire boma. Kuchedwa kwa aphunzitsi ndingati ndinali mwana, ndinalemba mopusa. Koma kalata inali m'manja mwanga Lachiwiri dzuwa lisanafike pamutu, ndipo nyumba ya akatekisiti inali pafupi moti tambala wawo ndiye ankandidzutsa. Sindinapite.

Ndinadziuza kuti ndiyambe ndamvetsa bwino. Ndinawerenga kalatayo kasanu. Ndinafufuza m'kabuku kanga malo ena amene mwina angandiombole, kuti ndinene kuti tonse awiri tikulondola, ine ndi aphunzitsi. Ndinayamba kukonza ulaliki wa Lamulungu lotsatira, wokhotakhota, woti ubweze mawu aja anthu osazindikira kuti ndabweza. Lachitatu ndinayenda ndi akatekisiti kukaona mayi wodwala chifuwa, kalata ili m'thumba la malaya, ikundikanda pachifuwa. Lole inalira kumsewu, iwo anaima, anatchera khutu. Ine ndinayang'ana kunyanja. Ndinkaona mmisiri wa maboti akuseka, ana akukuwa "Ek!" kumbuyo kwanga, bolodi lija. Ndinkati ndinena tikafika pa mtengo uwo, tikafika ndinkati pa mtengo winawo. Tinafika kunyumba.

Lachinayi ndinadzuka, koma sindinatuluke m'chipinda. Ndinamva akatekisiti akusesa pabwalo la tchalitchi. Sanali munthu wosesa pabwalo, inali ntchito ya amayi, koma tsiku limenelo manja awo ankafuna chogwira. Dzuwa linali litakwera ndithu pamene ndinatuluka.

"Bambo, yankho labwera."

Anaimika tsache. Ndinawawerengera yonse, kupatula mzere womaliza uja. Pa Lolemba ndi Loweruka anaseka pang'ono, kaseko ka m'mphuno. Pa nkhani ya chipolowe anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza.

"Ndiye kuti mawuwo akungoti msonkhano?"

"Eya."

"Osati kutuluka?"

"Anachokera kumeneko kalekale. Koma sakutero."

"Monga sadaka," anatero pang'onopang'ono. "Ashehe amati kwa Aluya sadaka ndi chopereka kwa osauka. Kuno ukati sadaka aliyense amva mpunga wa maliro." Kenako anatembenukira kwa ine. "Nanga inu, Bambo aang'ono, polalikira paja simunkadziwa?"

"Sindinkadziwa."

"Oho."

Sanakalipe. Ndikanakonda akanandimenya ndi tsache lija. Anatambasula dzanja, ndinawapatsa envelopu. Anaitembenuza, anaona kuti yafota ndi thukuta, m'mbali mwake mwapindika monga limachitira pepala logona m'thumba. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kundibwezera osafunsa kuti yafika liti. Anayang'ana dzuwa.

"Njinga ija ili ndi mpweya?"

Inali njinga ya mpingo, yakuda, yolemera, yopanda mabuleki a kutsogolo. Analowa m'nyumba, anatuluka atavala jekete lija, n'kukhala pa kaliyala. Ndinapalasa. Abale, msewu umenewo! Pena mchenga wofika m'kakolo, tonse kutsika n'kumakankha. Pena mabampu oti mkuluyo ankandigwira malaya kuti asagwe. Mwera unali kumbuyo kwathu koma sunathandize kanthu. Pa sitolo ina anyamata a chipani anatambasula chingwe pamsewu, kufuna makadi. Khadi langa ndinali nalo. La akatekisiti linatsala m'malaya ena. Anawachonderera m'Chiyao, kutchula maliro, kutchula mudzi, mpaka mmodzi amene ankawadziwa malemuwo anati apite. Pamenepo panatha nthawi yokwana kuphika nyemba theka. Kupitirira apo tcheni linaduka, ndinalilumikiza ndi waya wa pa mpanda wa munthu. Njira yonse sanayankhule, kupatula kamodzi pamene anati, "Pindirani kumanzere pa mlambe."

Tisanafike m'mudzi tinayamba kukumana ndi anthu akubwerera. Amuna a mikanjo yoyera ndi zisoti, amayi atasenza miphika yotsukatsuka. Ankapatuka kutipatsa njira, ena ankawagwadira akatekisiti pang'ono, koma palibe anaima. Ndinapalasabe mwamphamvu, ngati kuti kupalasa kungabweze anthuwo.

Pabwalo tinapeza mphasa zikupindidwa. Mafuwa anali atazizira, agalu akulimbirana mafupa. Ashehe anali atapita kale. Pakhonde panakhala mwamuna wina wa zaka zapakati, mwana wa mlongo wawo uja, atazunguliridwa ndi ana a malemu, ndipo pambali pake panali ukonde wopindidwa ndi nyali ziwiri za usodzi. Sindinafunike kuuzidwa. Banja linali litakhala kale pansi, katundu atagawidwa, za amasiye zitakambidwa, ndipo amene anayankhula m'malo mwa mbumba anali iyeyo. Ataona amalume ake anayamba kudzuka kuti awapatse malo. Mayi ake anamugwira phewa, anakhalanso pansi.

Akatekisiti anatsika pa njinga movutika, miyendo itauma. Anavula chipewa. Mlongo wawo anabwera, anaima patsogolo pathu, osayala mphasa.

"Alendo achokera kuti?" anafunsa m'Chichewa.

"Achemwali, ndabwera."

"Mwabwera. Tinadikira mpaka mpunga unayamba kuuma. Ashehe anafunsa kawiri kuti m'bale wa malemu ali kuti. Ine ndinati akudwala. Ndanama pa sadaka ya achimwene anga chifukwa cha inu." Mawu awo sanakwere. Anali otopa chabe. "Ndiye yankho lanu lija labwera?"

"Labwera."

"Lati chiyani?"

"Lati ndikanatha kubwera."

Mayiwo anaseka kuseka koipa, kopanda mano. Kenako anatembenukira kwa ine. Ndinali nditagwirabe njinga, thukuta likutsika m'maso, buluku litadetsedwa ndi girisi.

"Ndi mwana uyu? Tinamva kuti kwabwera mwana wa ku sukulu ndi chinenero cha azungu ena, ndiye wakutsekerani njira. Ndi ameneyu anakuletsani?"

Anthu onse pakhonde anatembenuka. Ndinatsegula pakamwa. Ndikulumbira kuti ndinatsegula. Koma akatekisiti ndiwo anayamba kuyankhula.

"Iyayi, achemwali. Mwanayu musamuyang'ane choncho. Iyeyu ndiye wandinyamula kuchokera ku Lungwena mpaka pano, taonani mmene wathera. Kalata yangofika m'mawa uno, ndipo wathamanga nayo. Wondiletsa palibe. Ndinadziletsa ndekha."

Mayiwo anandiyang'ananso, nkhope yawo inafewa pang'ono. Anaitana mdzukulu kuti abweretse madzi ndi mpunga umene unatsala mumphika, apatse mlendo wa njingayu, watopa. Achimwene awo anangowasiya ataima pomwepo. Anabwerera kukapinda mphasa.

Akatekisiti anapita okha kumanda, kuseri kwa mudzi, chipewa chili m'manja. Ine anandikhazika pamthunzi, n'kundiikira mbale pamiyendo. Anthu onse a pabanjapo ankandiyang'ana mwachifundo, kudikira kuti mnyamata wabwinoyu adye. Ndinasamba m'manja, ndipo mpunga wa sadakawo ndinaudya ine.